Wina akatinyoza m'kanema: kukhala chete, kumuyendera, kapena kujambula yankho?

Ife olankhula Chichewa amene tikukhala muno mu Harare, ana ndi adzukulu a anthu amene anabwera kuchokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, mawu achipongwe si achilendo kwa ife. Makolo athu ankawamva m'basi, pa mpopi ndi pa mzere wa chiphaso, ndipo mawuwo ankathera pomwepo, chifukwa owamva anali okhawo amene analipo. Masiku ano munthu amatenga foni, kujambula kanema wa masekondi makumi anayi, kulankhulamo zakukhosi kwake, ndipo pofika madzulo kanemayo amakhala ali m'mafoni a anthu a ku Mufakose, ku Mbare ndi ku Epworth amene sanaonepo nkhope ya wonyozedwayo. Yankho lathu nalonso limayenda chimodzimodzi ndipo silifufutika. N'chifukwa chake ndikuona kuti funso loyamba si lakuti timuyankhe chiyani munthuyo, koma lakuti yankholo tikulikonzera ndani. Kawirikawiri wonyozayo sasintha maganizo chifukwa cha kanema wathu. Amene angasinthe ndi oonera, makamaka anansi athu Achishona amene aona chipongwecho ndipo sakudziwa ngati zonenedwazo zili zoona.

Kuti kuyerekeza kwa njira zoyankhira kumveke, tiyeni titenge nkhani imodzi yongoyerekeza, koma ya mtundu umene ambiri tikuudziwa. Banja lina ku Mabvuku lachita mwambo wa chiliza cha agogo awo amene anachokera ku Dedza, ndipo monga mwa mwambo wa kwawo, gule wamkulu watuluka. Bambo wina wa mumsewu womwewo wajambula gule uja ataima kuseri kwa mpanda wake, ndipo pojambulapo akulankhula m'Chishona. Akuwatchula a banjalo dzina lija lonyoza lakuti mabwidi, akuti si nzika za Zimbabwe ndipo abwerere kwawo, komanso akuti gule ndi ufiti ndipo ana a m'deralo sali otetezeka. Kanemayo waikidwa pa TikTok, kenako wina wamukopera n'kumutumiza m'gulu la WhatsApp la anthu a m'deralo. Mdzukulu wa malemuwo, mayi wachitsikana amene anabadwira ku Mabvuku komweko, ndiye wapsa mtima kwambiri ndipo akufuna kuyankha usiku womwewo.

Mayiyu asanasankhe njira iliyonse, ayenera kusiyanitsa zinthu zimene zili m'kanemayo, chifukwa sizifanana ndipo mankhwala ake si amodzi. Dzina lonyozalo ndi chipongwe chabe, ndipo chipongwe chilibe mfundo yoti munthu aitsutse. Ukachiyankha umangochitchulanso kachiwiri. Mawu akuti si nzika komanso akuti gule amaopseza ana ndi bodza, ndipo bodza limatheka kulikonza ndi zoona. Chachitatu, chimene m'nkhani yathuyi mulibe, ndi chiopsezo, monga kunena kuti nyumba yawo itenthedwe kapena kutchula nambala ya nyumbayo n'kuitana anthu kuti apiteko. Chiopsezo chikakhalapo, nkhani yoyankha pa kanema imathera pomwepo, ndipo zotsala ndi kusunga umboni ndi kupita kupolisi, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Njira imene akuluakulu ambiri angalangize ndi kukhala chete, ndipo sindikuipeputsa. Kanema amene anthu sakumuyankha amazilala msanga, chifukwa makina a TikTok ndi Facebook amakankhira patsogolo zinthu zimene anthu akuzionera mpaka kumapeto, kuzitumiza ndi kukanganirana, osasamala kuti akuzikonda kapena akudana nazo. Munthu wokwiya amene waonera kanemayo kasanu n'kumutumiza kwa abale ake kuti nawonso aone, wamuthandiza wonyozayo kufika kutali. Choncho ngati kanemayo waonedwa ndi anthu ochepa, ndipo muli chipongwe chokha popanda bodza loti lingavulaze wina, chete ndiye njira yotsika mtengo kuposa zonse. Koma chete ali ndi malire ake. Pa WhatsApp, uthenga umene wadutsa m'manja mwa otumiza asanu kapena kuposerapo umalembedwa kuti `Forwarded many times` pamwamba pake, ndipo mayiyu akaona mawu amenewa pa kanemayo adziwe kuti nkhaniyo yatuluka kale mumsewu wawo. Chizindikiro china n'chimene chimachitika pa moyo weniweni: ngati mwana wa m'banjamo wabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzake akumuthawa, kapena mwini nyumba wayamba kufunsa mafunso okhudza gule, ndiye kuti bodza lija layamba kugwira ntchito, ndipo kukhala chete kukuoneka ngati kuvomera.

Pambali pa chete pali chinthu chaching'ono chimene anthu ambiri amachiiwala, ndicho kupempha woyang'anira gulu la WhatsApp kuti achotse kanemayo. Woyang'anira ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina kuti uchoke kwa onse m'gulumo, malinga ngati sipanadutse masiku awiri. Izi sizichotsa kanemayo m'mafoni a amene anamusunga kale, koma zimathetsa mkangano m'gululo ndipo zimasonyeza anthu kuti woyang'anira sakugwirizana ndi zonenedwazo. Pempholo lipite kwa woyang'anirayo payekha, osati m'gulu, kuti asaoneke ngati akukakamizidwa kusankha mbali pamaso pa anthu.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaiika patsogolo nthawi zonse pamene wonyozayo ndi wodziwika, ndi kumuyendera. Bambo wa m'nkhani yathuyi amakhala mumsewu womwewo, amatunga madzi pa mjigo womwewo, ndipo mawa kukagwa maliro kunyumba kwake, a banja lomwe walinyozali adzakhala m'gulu la okhuza. Munthu wotere ukamuchititsa manyazi pamaso pa anthu masauzande, wamutsekera khomo lopepesera, chifukwa tsopano kubwerera m'mbuyo kwasanduka kugonja. Ukamupeza payekha, akhoza kuchotsa kanemayo popanda wina kudziwa kuti wauzidwa. Koma mayi wachitsikanayu asapite yekha, ndipo asapite ndi achimwene ake okwiya. Apite akuluakulu awiri, mmodzi wa ku banja, wina amene bamboyo amamulemekeza, monga mkulu wa mpingo wake kapena mnansi Wachishona amene wakhala nawo zaka zambiri. Madera athu ali ndi anthu odziwa ntchito ya ukhalapakati: akulu a mpingo wa CCAP, amene uli ndi sinodi yake muno mu Harare, mashehe a m'mizikiti, ndi atsogoleri a mabungwe a maliro. Akafika, asayambe ndi mlandu wa dzina lonyoza lija. Anene chimene chachitika kwa ana ndipo apemphe chinthu chimodzi chooneka, monga kuti, "Bambo, kanema uja wafika kusukulu ndipo ana akuvutika naye, tabwera kudzakupemphani kuti mumuchotse." Foni zikhale m'thumba. Munthu akangoganiza kuti akujambulidwa mobisa, zokambirana zonse zimafa, ndipo wapeza nkhani ya kanema wake wachiwiri.

Kufooka kwa njira iyi n'kwakuti siifika kwa oonera. Bamboyo akhoza kuchotsa kanemayo n'kupepesa pakhonde, koma anthu mazana amene anamva kuti banjali si nzika adzakhalabe ndi bodzalo m'mutu. Komanso njirayi siigwira ntchito ngati wojambulayo sakudziwika, kapena ngati ndi munthu amene amapeza otsatira mwa kuputa anzake dala, chifukwa wotereyu ulendo wa akuluakulu amausandutsa nthabwala.

Apa m'pamene pamabwera kuyankha pa kanema, ndipo pali mitundu iwiri imene imaoneka yofanana koma zotsatira zake n'zosiyana kwambiri. Mtundu woyamba, umene achinyamata amauthamangira, ndi kutenga kachidutswa ka kanema wa wonyozayo n'kukaika koyambirira kwa yankho, kapena kudziika pambali pake pamene akulankhula. Pa TikTok zimenezi zimachitika ndi `Stitch` ndi `Duet`. Ubwino wake ndi woona: oonera amamva okha zimene zinanenedwa, ndipo palibe amene anganene kuti mayiyu akukokomeza. Koma mtengo wake ndi waukulu. Kanema wopangidwa motere amalemba dzina la mwini kanema woyamba ndipo amatsogolera anthu kwa iye, kotero aliyense amene wamva chisoni ndi mayiyu amafika pakhomo pa bamboyo ndi kungodina kamodzi. Ena mwa iwo akatukwana, ena akanyoza Ashona onse, ndipo pofika mawa nkhani siikhalanso ya bambo mmodzi ndi banja limodzi, koma ya mitundu iwiri. Kuonjezera apo, dzina lonyoza lija limamvekanso, tsopano likufalitsidwa ndi wonyozedwa yemweyo, ndipo anthu amene sanaone kanema woyamba amamuona kudzera mwa ife. Ndikuona kuti mtundu uwu ndi woyenera pokhapokha wonyozayo ali munthu waudindo kapena wotchuka, amene mawu ake afala kale ponseponse ndipo akukana kuti sananene. Kwa mnansi wa mumsewu wathu, kuwononga kwake kumaposa phindu.

Mtundu wachiwiri ndi kujambula kanema woima payekha, wosatchula dzina la munthuyo, wosaonetsa nkhope yake, wosabwereza chipongwe, koma wokonza bodza lokha. Iyi ndiyo njira imene ndingamulangize mayiyu ngati kanema woyamba wafala kale, ndipo ndi yoyenera kuifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa kudekha pa kanema sikubwera kokha, kumakonzedwa.

Choyamba agone kaye. Mawu a munthu amene wangoona agogo ake akunyozedwa amanjenjemera ndipo amathamanga, ndipo foni imazigwira zonsezi ngakhale mwini wakeyo akuganiza kuti wadekha. M'mawa alembe papepala zimene akufuna kunena, zoti ziwerengedwe m'mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, chifukwa yankho lalitali anthu saliona mpaka kumapeto ndipo limapereka malo ambiri oti wina adulepo. Alankhule m'Chishona, kapena asakanize ndi Chichewa pang'ono pa moni, popeza amene akufuna kuwafikira ndi anansi. Yankho la m'Chichewa chokha limatonthoza ife tokha ndipo kwa enawo limamveka ngati tikuwanena. Tanthauzo la mawu ake likhoza kukhala lotere: "Ndikupereka moni kwa inu nonse a ku Mabvuku. Ambiri mwaona kanema wa mwambo umene unachitika kwathu Loweruka. Unali mwambo wa chiliza cha agogo anga, amene anagwira ntchito mumzinda uno mpaka kukalamba ndipo agona m'manda a kuno. Ine ndinabadwira kuno ndipo ndine nzika ya Zimbabwe. Gule amene munamuona amavinidwa pa maliro ndi pa ziliza polemekeza wakufa. Ngati phokoso kapena khamu la anthu linasokoneza wina, khomo lathu ndi lotsegula, bwerani tikambirane. Ndikupempha abale anga ndi onse ondifunira zabwino kuti pasapezeke wotukwana kapena wopita kunyumba kwa munthu aliyense chifukwa cha nkhaniyi."

M'mawu amenewa muli zinthu zingapo zimene zasankhidwa dala. Mayiyu wanena za iye mwini ndi za agogo ake, zimene palibe angazitsutse, ndipo sananenepo kuti bamboyo ndi munthu wotani. Wavomera mbali imene dandaulo lingakhale loona, ya phokoso ndi khamu, chifukwa nthawi zambiri pansi pa chipongwe pamakhala kadandaulo kakang'ono kenikeni, ndipo oonera amakhulupirira munthu amene wakavomera. Sanalankhule m'malo mwa Achewa onse, ndipo izi n'zofunika, chifukwa pakati pathu pali Akhristu ndi Asilamu ambiri amene sachita nawo gule, ndipo yankho lonena kuti tonse ndife a gule likhoza kuyambitsa mkangano wina m'nyumba mwathu momwe. Sanalowenso m'zinsinsi za kudambwe, ndipo ngati akufuna kuonetsa chithunzi cha mwambowo, ayambe wapempha chilolezo kwa akuluakulu a gule. Chiganizo chomaliza, choletsa omutsatira kubwezera, ndicho chimene chimaletsa mkangano kukula, ndipo chisachotsedwe ngakhale kanemayo atatalika.

Ngati akufuna kuika umboni, asankhe mfundo imodzi kapena ziwiri zimene ali nazo chitsimikizo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013, m'gawo 6, amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Gawo 43 limati munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'Zimbabwe pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Pa nkhani ya gule, bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Pa mfundo zitatuzi, ya gawo 43 ndiyo ikuyankha bodza limene lingavulaze banjalo, choncho ndiyo ndingaiike. Kuzinena zonse pamodzi kumachititsa yankho kumveka ngati phunziro la m'kalasi, ndipo munthu amene akuphunzitsidwa pagulu amamva ngati akunyozedwa.

Pojambula, foni aitsamiritse pa chinthu chokhazikika molingana ndi maso ake, akhale pansi, kuwala kuchokere kutsogolo, ndipo kumbuyo kwake kusaoneke nambala ya nyumba, dzina la msewu kapena mwana wovala yunifolomu ya sukulu. Akamaliza aonere kanemayo atatseka mawu, kuti aone ngati sakuloza chala, kupukusa mutu kapena kumwetulira monyoza, kenako amvetsere mawu okha osayang'ana. Chinthu chinanso chofunika ndi kumvetsera chiganizo chilichonse pachokha n'kudzifunsa kuti chingamveke bwanji wina atachidula n'kuchiika chokha, chifukwa zimenezo n'zimene odana naye adzachite. Mawu ngati akuti makolo athu ndiwo anamanga mzinda uno ali ndi choonadi mkati mwake, koma akadulidwa paokha amamveka ngati tikuti eni dziko anali aulesi, ndipo kumeneko n'kupereka nkhuni kwa munthu amene akufuna moto. Asanatumize, amuonetse mnansi Wachishona amene amamukhulupirira, popeza khutu lake limva zimene khutu lathu silingamve. Pa TikTok akhoza kutseka `Stitch` ndi `Duet` pa kanema wakeyo, ngakhale kuti izi siziletsa munthu kumujambula ndi foni ina.

Njira yomaliza ndi ya malamulo. Pa TikTok ndi pa Facebook pali batani la `Report`, ndipo malamulo a makampaniwa amaletsa kunyoza munthu chifukwa cha mtundu kapena dziko limene anachokera, koma kuchotsa kumatha kuchedwa, makamaka mawu akakhala a m'Chishona kapena m'Chichewa. Mayiyu ayambe wasunga kanemayo m'foni mwake, alembe dzina la akaunti, tsiku ndi gulu limene anamuonamo, chifukwa kanemayo akachotsedwa umboni umapita naye. Ku mbali ya boma, gawo 61 la malamulo aakulu limati ufulu wolankhula suphatikizapo mawu achidani kapena olimbikitsa chiwawa, ndipo lamulo la 2021 loteteza zinsinsi za anthu pa makina linaika m'buku la milandu nkhani zoopseza ndi kuzunza munthu kudzera pa foni ndi kompyuta. Pakakhala chiopsezo, apite kupolisi ya m'dera lawo ndi umboniwo ndipo atenge nambala ya dandaulo lake. Pakakhala chipongwe chokha cha mnansi, ndikuona kuti polisi ikhale njira yotsiriza, chifukwa mlandu umatenga nthawi ndipo umaumitsa mitima ya mabanja amene adzakhalabe moyandikana. Adziwenso kuti lamulo lomwelo limagwira onse: mchimwene wake akafalitsa nambala ya foni ya bamboyo kapena kumutumizira mawu oopseza, wodandaula amasanduka woimbidwa mlandu.

Pa nkhani ya ku Mabvukuyi, ndondomeko imene ndingatsate ndi kusunga umboni ndi kupempha woyang'anira gulu tsiku loyamba, kutumiza akuluakulu kwa bamboyo tsiku lachiwiri, ndipo kanema woyankha atuluke pambuyo pa ulendowo, ndiponso pokhapokha ngati bodza lafika kusukulu kapena kwa anansi. Kutulutsa kanema akuluakulu asanapite kumawachititsa kufika pakhomo pa munthu amene wakwiya kale. Ngati bamboyo wachotsa kanema wake n'kupepesa, mayiyu asalengeze kupepesako pokhapokha mwini wakeyo atavomera.

Yankho likatuluka, pali zizindikiro zosonyeza ngati mkangano ukuzilala kapena ukukula. Ngati anansi ayamba kufunsa mafunso okhudza mwambowo, kapena Ashona ena akudzudzula okha chipongwe chija, zinthu zikuyenda bwino ndipo mayiyu asaonjezerepo kanthu. Ngati omutsatira ayamba kufufuza kumene bamboyo amagwira ntchito kapena kunyoza mtundu wake wonse, awaletse poyera kamodzi, ndipo zikapitirira abise kanema wakeyo kwa masiku angapo. Bamboyo akajambula kanema wachiwiri wongobwereza chipongwe, mayiyu asayankhenso, koma kanemayo amusunge pamodzi ndi woyamba uja, ndi tsiku lake, kuti akuluakulu akabwererako kapena nkhani ikafika kupolisi, zonse zikhale pamalo amodzi.